Ndalama zolipira pa 1 mwezi uliwonse: ndi anyuwiti yolipiratu kapena wamba?

Ndimalipira pa 1 mwezi uliwonse. Ndiye kuti yangayi ndi anyuwiti dyu, yolipiratu, basi?

Osafulumira. Anyuwiti ndi malipiro ofanana obwera nyengo ndi nyengo, monga mwezi uliwonse, ndipo deti la pa kalendala palokha silinena kanthu za mtundu wake. Chofunika ndi kuona kuti ndalama yoyamba ikutuluka liti poyerekeza ndi tsiku limene mgwirizano wayamba.

Mwatenga ngongole pa 1 Januwale, ndipo gawo loyamba mukabweza pa 1 Febuluwale. Ndalama ya eni yagona m'manja mwanu mwezi wathunthu musanabweze kalikonse, choncho mukulipira kumapeto a nyengo, ngakhale kalendala ikuti ndi pa 1. Imeneyi ndi anyuwiti wamba, imene mabuku amati odinale anyuwiti. Koma mukamalowa m'nyumba ya lendi pa 1 Januwale, landilodi sakupatsani makiyi musanapereke ya mwezi umenewo. Mukulipira nyengo isanayambe, ndipo imeneyo ndiyo anyuwiti dyu, yolipiratu. Onse awiri akulipira pa 1, koma masamu awo ndi osiyana.

Nanga pa ndalama zenizeni zimasiyana bwanji?

Titenge mayi wosunga K50,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha 1 peresenti pamwezi chimene chimaberekerana. Ndalama zonse akaziwerenga pa 31 Disembala.

Akamaika kumapeto a mwezi, K50,000 yoyamba ilowa pa 31 Januwale n'kugwira ntchito miyezi 11. Yomaliza ilowa pa 31 Disembala pomwepo, tsiku lowerengera, osabereka ngakhale tambala. Zonse pamodzi zikwana K634,125.

Akamaika kumayambiriro, yoyamba ilowa pa 1 Januwale n'kukhala miyezi 12 yonse, ndipo yomaliza, ya pa 1 Disembala, ipezako mwezi umodzi. Apa zikwana K640,466. M'thumba mwatuluka K600,000 m'njira zonse ziwiri, koma wolipiratu wapambana ndi K6,341, chifukwa K50,000 iliyonse yawonjezeredwa mwezi umodzi wobereka.

N'chifukwa chake simufunika kuloweza mafomula awiri. Pezani yankho la anyuwiti wamba, kenako muchulukitse ndi 1 kuphatikiza chiwongoladzanja cha mwezi umodzi:

```
FV (wamba) = P × ((1 + i)^n − 1) / i
FV (dyu)   = FV (wamba) × (1 + i)
```

FV ndi ndalama zonse zimene zidzakwane pamapeto, P ndi ndalama ya pamwezi, i ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, n ndi chiwerengero cha miyezi. Kwa mayi uja, 634,125 kuchulukitsa ndi 1.01 ikupereka 640,466.

Lamulo lomweli limagwiranso ndikafuna kudziwa mtengo wa malipirowo lero?

Eya. Malipiro 12 a K50,000 obwera kumapeto a mwezi, pa 1 peresenti yomweyo, lero ndi ofanana ndi K562,754. Akakhala oyambira lero ndi K568,381, popeza yoyambayo ili kale m'manja ndipo sichotseredwa kanthu.

Ndiye yabwino ndi iti?

Zitengera mbali imene mwaima. Wolandira, monga landilodi kapena wapenshoni, amapindula ndalama ikabwera msanga. Wolipira zimamukomera ikachedwa. Wosunga yekha ndiye amene kulipiratu kumamubwerera mwini.

Pa Excel ndikupeza yankho losiyana ndi la m'buku. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi nambala yomaliza ya m'fomula, imene Excel imaitcha `type`. Ikakhala 0 ndi kumapeto a nyengo, ikakhala 1 ndi kumayambiriro, ndipo mukaisiya osalemba Excel imangotenga 0 mwakachetechete.

```
=FV(0.01,12,-50000,0,0)
=FV(0.01,12,-50000,0,1)
```

Woyamba upereka 634,125.15, wachiwiri 640,466.40. Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli, gawani yankho lalikulu ndi laling'ono. Mukapeza 1.01 ndendende, kapena 1 kuphatikiza chiwongoladzanja chanu cha pamwezi, masamu ena onse ali bwino, mwangosokoneza nthawi yolipira.

Pa kakyuleta ya BA II Plus vuto limabwera chobwerera. Mukaiika pa `BGN`, kutanthauza kulipira kumayambiriro, imakhala pomwepo ngakhale muizimitse, ndiye funso lotsatira la ngongole wamba limatuluka lolakwika inu osadziwa. Ine ndinatayapo malikisi pa mayeso chifukwa cha timalemba titatu timeneti. Muziyang'ana pamwamba pa sikirini musanayambe funso lililonse.

Chiwongoladzanja andipatsa cha pachaka, 12 peresenti. Ndichulukitse ndi 1.12?

Ayi. Kulipiratu kwasuntha ndalama ndi mwezi umodzi, osati chaka. Ngati 12 peresentiyo imawerengedwa mwezi ndi mwezi, igaweni ndi 12 kuti mupeze 1 peresenti, ndipo muchulukitse ndi 1.01. Mukachulukitsa ndi 1.12 mupeza K710,220, yankho lopitirira loona ndi pafupifupi K70,000.