Kudwala si chifukwa chosiyira kubaya insulini

"Sindikudya, n'chifukwa chake ndasiya kubaya." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri kwa odwala matenda a shuga m'chipinda choonera odwala, ndipo amandipweteka mtima chifukwa maganizo ake amamveka anzeru pomwe amapha anthu.

Shuga wa m'magazi sachokera m'chakudya chokha. Thupi likagwidwa ndi chibayo, malungo kapena chilonda chamafinya, limatulutsa mahomoni olimbanira ndi ngozi, omwe ndi kotizolo, adirenalini ndi gulukagoni. Mahomoniwa amalamula chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga ndi kupanga wina kuchokera ku mapuloteni a m'minofu, ndipo nthawi yomweyo amagonthetsa minofuyo kuti isamve insulini, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi. Choncho munthu angathe kugona ndi njala masiku awiri, shuga wake n'kumangokwerabe.

Izi zimachitika ngakhale kwa munthu wopanda matenda a shuga, koma iye kapamba wake amawonjezera insulini, ndipo akachira shuga amabwerera m'malo mwake. Muyezo wa shuga wopitirira 7.8 mmol/L pa munthu amene wagonekedwa m'chipatala sutanthauza kuti ali ndi matendawa. Timayeza HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo ikafika 6.5% timakhulupirira kuti vutolo linalipo kale.

Mtsikana wina wa zaka 19, wodwala shuga wa mtundu woyamba, womwe umachititsa kuti thupi lisamapange insulini, sandichoka m'maganizo. Anali ndi matenda a m'chikhodzodzo, thupi linatentha, anayamba kusanza, ndipo anasiya insulini poopa kuti shuga atsika kwambiri. Achibale, mwachikondi ndithu, anamugulira mankhwala a m'botolo kwa munthu wina amene anawalonjeza kuti "amatsuka magazi". Anafika kwa ife tsiku lachitatu, milomo itauma gwaa, akupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wake ukununkha ngati zipatso zakupsa kwambiri. Makina oyezera shuga anaonetsa 28 mmol/L. Posowa insulini, thupi lake linali litayamba kuwotcha mafuta, ndipo makitoni otuluka m'mafutawo anadzaza asidi m'magazi. Anapulumuka ndi madzi a diripi, insulini ya m'mitsempha, potaziyamu ndi mankhwala opha tizilombo, koma akanabwera tsiku loyamba mwina sakanagonekedwa n'komwe.

Ngati mumabaya insulini ndipo mwadwala, musasiye ya mphamvu yokhalitsa ija, ndipo za kusintha mlingo funsani dokotala wanu. Yezani shuga pa maola awiri kapena anayi alionse, usiku womwe, ndipo muzimwa madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Shuga akapitirira 14 mmol/L, yezani makitoni. Amene mumamwa metifomini dziwani kuti thupi likauma ndi kusanza kapena kutsekula m'mimba, mankhwalawa amayenera kuimitsidwa kaye, choncho funsani tsiku lomwelo. Koma mukamasanza chilichonse, m'mimba mukupweteka, kapena wodwala akungosinza ndi kupuma mozama, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala usiku womwewo.