Kuluka zotsatira za akafukufuku angapo m'ndime imodzi

Ndikamawerenga zolemba za ophunzira, ndimayamba ndayang'ana mawu oyamba a chiganizo chilichonse. Ziganizo zonse zikamayamba ndi dzina la wofufuza, kuti uje anapeza zakuti, uje naye anapeza zakutizakuti, ndimadziwiratu kuti wolembayo wangondandalika akafukufuku, ndipo ntchito yowayerekeza wamusiyira wowerenga.

Titenge funso ili: kodi munthu amakumbukira bwino zimene waphunzira akamadziyesa ndi mafunso, kapena akamawerenga mobwerezabwereza? Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, jambulani tebulo. Kafukufuku aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo onse muwafunse mafunso ofanana: kudziyesako anakuyerekeza ndi chiyani, anayesa ophunzira patapita nthawi yaitali bwanji, nanga chinapezeka n'chiyani? Kenako muwerenge tebulolo chotsika, funso limodzi pa akafukufuku onse, chifukwa apo m'pamene kugwirizana ndi kusiyana kwawo kumaonekera. Ndime yotuluka pamenepo ingakhale yotere:

"Kudziyesa kumathandiza ophunzira kukumbukira zambiri pakatha mlungu umodzi, kaya kukuyerekezedwa ndi kuwerenga mobwereza (Roediger & Karpicke, 2006) kapena ndi kujambula chithunzi cholumikiza mfundo (Karpicke & Blunt, 2011). Komabe phinduli silioneka nthawi yomweyo, pakuti pamene mayeso anachitika patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza ndi amene anakhoza bwino (Roediger & Karpicke, 2006). Phinduli limakulanso ophunzira akamauzidwa mayankho olondola atadziyesa (Rowland, 2014)."

Onani kuti chiganizo chilichonse chayamba ndi mfundo, ndipo mayina abwera pambuyo ngati mboni. Kafukufuku wa 2006 watchulidwa kawiri popeza akuchitira umboni mfundo ziwiri zosiyana. Mawu akuti "kaya" ndi "komabe" ndi amene anyamula maganizo a wolemba, motero asamaikidwe mongokometsera: mukalemba "komabe" pamene akafukufuku sakusiyana, mwayambitsa mkangano umene kulibe.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri, ngakhale kwa olemba ozolowera, ndi kuunjika mayina onse kumapeto kwa chiganizo chimodzi chachikulu. Kalembedwe ka APA, komwe ndi njira imodzi yotchulira magwero, kamalola kuika magwero angapo pamodzi, motsata alifabeti, olekanitsidwa ndi chizindikiro cha ";", koma kutero ndi kulonjeza kuti gwero lililonse likunena mfundo yonseyo. Mutalemba kuti kudziyesa kumaposa kujambula chithunzi cha mfundo, n'kutchulapo kafukufuku wa 2006, mungakhale mutamunamizira, chifukwa iye sanayese njira imeneyo. Wa Rowland nayenso amafuna kusamala, chifukwa anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri amene analipo kale, choncho kumuwerengera ngati mboni yachitatu yoima payokha kungachititse kuti umboni womwewo uwerengedwe kawiri.