Kupempha alandilodi akale kuti akuikireni umboni: ulemu ukhalepo, tsiku litchulidwe

Muofesi yobwereketsa nyumba imene ndimagwiramo ntchito kuno ku Mangalande, mafaelo a abale athu ochokera kwathu kawirikawiri amaima pamalo amodzi. Malipiro ali bwino, zikalata zololeza kukhala m'dziko muno zili bwino, bwana wa kuntchito wayankha tsiku lomwelo. Chatsala ndi mawu a alandilodi akale. Ndikaimba foni kufunsa, yankho limakhala lakuti, "Ndinawauza, anati achita." Ndikafunsa kuti munawauza kuti achite pofika liti, kumbali inayo kumangoti zii.

Ndimamvetsa chifukwa chake. Tinaleredwa kuti munthu wamkulu sitimuikira tsiku. Timati "mukapeza mpata", kenako n'kumadikira. Koma kuno nyumba ili ndi nthawi yake yolembedwa m'lamulo. Lamulo la 2019 lotchedwa Tenant Fees Act limati ndalama yogwirira nyumba, imene mumapereka kuti asaipatse wina pamene akukufufuzani, isapitirire lendi ya sabata imodzi. Limatinso mgwirizano usainidwe pofika tsiku la 15 chilandirireni ndalamayo, kuwerengera ndi tsiku lolandiralo, pokhapokha mbali zonse zitagwirizana tsiku lina polemba. Ili ndi lamulo la ku Mangalande, ku Scotland zinthu zimayenda mwina. Ndipo palibe lamulo lokakamiza alandilodi akale kukuikirani umboni. Akayankha ndiye kuti akukukomerani mtima. Choncho mukupempha chinthu chimene munthu angathe kukana, koma chikufunika pofika tsiku lakutilakuti. Zonse ziwirizi ziyenera kumveka mu uthenga umodzi.

Ndikuuzeni za mayi wina wosamalira okalamba amene tinamuthandiza mu 2025. Atafika kuno anakhala miyezi ingapo kwa mchemwali wake, kotero alandilodi ake omaliza anali bambo wina wachikulire wa ku Chilomoni, mu Blantyre, kumene anakhala zaka zitatu. Anapeza kanyumba ka chipinda chimodzi ka £780 pamwezi. Lendi ya sabata timaipeza pochulukitsa ya mwezi ndi 12 kenako n'kugawa ndi 52, ndiye anapereka £180 Lolemba pa 3 Malichi. Tsiku lomaliza losainira linagwera Lolemba pa 17 Malichi.

Uthenga umene anafuna kutumiza anandionetsa pafoni. Unali waulemu kwambiri: moni wautali, kufunsa za amayi ndi adzukulu, kenako chiganizo chimodzi chakuti "pali anthu ena akufunsani za ine, mundithandizeko mukapeza mpata." Bamboyo akanawerenga zimenezi sakanadziwa kuti anthuwo ndani, afunsa chiyani, kudzera pati, komanso kuti mpatawo uli ndi malire. Tinakhala pansi n'kuulembanso, ndipo unatuluka chonchi:

"Bambo, muli bwanji pamodzi ndi amayi ndi onse kunyumbako? Ndine uje, amene ndinkakhala m'nyumba yanu yakuseri ija kuyambira Epulo 2021 mpaka Meyi 2024. Ndikuthokozabe chifukwa cha mmene munandisungira zaka zonsezo. Ndabwera ndi pempho. Ndapeza nyumba ya lendi kuno, koma eni ake asanandipatse akufuna kumva kwa inu mmene ndinkakhalira. Kodi mungandilole kuti ndiwapatse dzina lanu, nambala yanu ndi imelo yanu? Mukalola, akutumizirani fomu ya mafunso ochepa: nthawi imene ndinakhala, lendi imene ndinkapereka, ngati ndinkapereka panthawi yake, ndi mmene ndinaisiyira nyumbayo. Kuti zanga ziyende, yankho lanu likufunika lifike pofika Lachisanu pa 7 Malichi, 4 koloko masana nthawi ya ku Malawi. Ndikudziwa kuti ndakupanikizani, pepani, nthawi imene andipatsa kuno ndi yochepa. Ngati sizingatheke, chonde mungondiuza pofika mawa madzulo kuti ndione njira ina, sindidzakhumudwa ayi. Zikomo kwambiri, bambo."

Taonani pamene ulemu wakhala. Uli m'moni, m'kuthokoza, m'kupempha chilolezo musanapereke nambala ya munthu kwa alendo, ndi m'kumutsegulira khomo lakuti akane popanda manyazi. Tsiku lokha silinakulungidwe m'mawu ozungulira. Latchulidwa dzina lake, deti lake ndi ola lake, ndipo chifukwa chake chabwera pomwepo. Munthu wamkulu sakhumudwa ndi tsiku ngati akuona kuti nanunso mwachita kupatsidwa. Chimene chimamupweteka n'kuimbiridwa foni kasanu tsiku lomaliza pa nkhani imene anauzidwa kuti si yachangu.

Mwina mwadabwa kuti tinalemba pa 7 pamene nthawi imatha pa 17. Tsiku la alandilodi si tsiku lanu. Yankho lawo likafika, ofufuza amafunika masiku oliwerenga, mwina kufunsanso pamene sanamvetse. Mwini nyumba yatsopanoyo avomere, mgwirizano ulembedwe, inu muuwerenge, mupeze dipoziti, imene pa lendi yotereyi ingafike ya masabata asanu, £900. Ndipo ngati bamboyo sayankha, mufunika sabata yathunthu yokonzera njira ina. Ine ndimalangiza masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito. Tsiku limodzi ndi nkhanza kwa munthu amene ali ndi zake zochita, pamene masabata awiri amamuiwalitsa. Apa sitinanamize bamboyo. Tinanena kuti yankho likufunika pa 7 kuti zinthu ziyende, ndipo zinali zoona. Musalembe kuti "ejenti wanena kuti pa 7" ngati ejentiyo sananene choncho. Ola nalonso mulitchule m'nthawi ya kumene kuli munthuyo, chifukwa m'nyengo yozizira ya kuno Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo m'chilimwe cha kuno ndi ola limodzi.

Madeti amene anaikidwa mu uthengawo ali ndi ntchito ziwiri. Amakumbutsa munthu amene mwina wakhala ndi alendi ambiri kuti mukunena za nyumba iti. Koma chachikulu n'chakuti ofufuza amayerekezera zimene inu munalemba ndi zimene alandilodi ayankha. Inu mukati munachoka mu Meyi, iwo n'kulemba kuti Disembala chifukwa choiwala, faelo imaima mpaka wina afotokoze. Chimodzimodzi ndi lendi: ngati inakwera pakati, tchulani yomaliza. Kukumbutsa munthu madeti oona si kumuuza zonena. Koma musamulembere kuti "munene kuti ndinali munthu wabwino." Mawuwo akhale akeake.

Bamboyo anayankha usiku womwewo kuti palibe vuto. Lachiwiri fomu inatumizidwa. Lachitatu kunali chete. Apa ndi pamene ambiri amayamba kuganiza kuti munthuyo wasintha maganizo, koma nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Imelo yochokera kwa ofufuza imatha kugwera mu `Spam`. Ikaonekanso, imakhala ndi linki yoti adine, ndipo kwathu anthu anaphunzira mowawa kuti uthenga wachilendo wokhala ndi linki kapena wofunsa zambiri za munthu umachokera kwa akuba. Bambo wanzeru sadina. N'chifukwa chake muyenera kufunsa ejenti dzina lenileni limene lioneke pa imeloyo, n'kuwauziratu alandilodi. Mayiyu anatumiza chikumbutso Lachinayi m'mawa:

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndimati ndingofunsa ngati fomu ija yafika. Ngati simukuiona, mwina yabisala mu Spam. Tsiku lake ndi mawa, 4 koloko. Ngati intaneti ikuvuta, ndiuzeni ndikutumizireni ya bandulo, kapena ndiwapemphe kuti akuimbireni."

Chikumbutso chabwino chimafunsa ngati pali chovuta, sichifunsa chifukwa chimene munthu sanachitire. Zinapezeka kuti imelo imene bamboyo anapereka anali atasiya kuitsegula kalekale, pasiwedi anaiwala. Mwana wawo anapereka ina, fomu inatumizidwanso, ndipo Lachisanu masana yankho linali litafika. Tikanalemba tsiku la 17, vuto la pasiwedili tikanalidziwa nyumba ikupita kwa wina. Za bandulozo ndinenepo pang'ono: kubwezera munthu ndalama imene waononga pokuthandizani n'koyenera, koma kutumiza "kangachepe" kuti akunenereni zabwino ndi chinthu china, ndipo musachite.

Pali funso limene muyenera kudzifunsa musanalembe uthenga uliwonse: tinasiyana bwanji? Ngati munasiya bilu ya madzi, kapena lendi ya mwezi womaliza inadyera mudipoziti popanda kugwirizana bwino, musayembekezere kuti zaiwalika. Fomu imafunsa mwachindunji ngati panatsala ngongole, komanso ngati angakupatseninso nyumba. Imbani foni kaye, osati kulemba. Nenani kuti, "Bambo, ndikukumbukira kuti panatsala bilu ya madzi, ndiuzeni inali zingati ndikonze." Mukakonza, m'pamene mupemphe. Ngati munachedwapo kulipira miyezi iwiri chifukwa ntchito inatha, muuzeni ejenti nokha yankho lisanafike. Ndaonapo eni nyumba akuvomera munthu amene anafotokoza yekha, koma amavutika kukhulupirira munthu amene anabisa.

Nanga akakana, kapena akangokhala chete mpaka tsiku litadutsa? Thokozani, musakangane nawo, ndipo uzani ejenti tsiku lomwelo. Funsani ngati angalandire umboni wina: mgwirizano wakale wa nyumba, malisiti, sitetimenti ya kubanki, kapena mbiri ya Airtel Money kapena Mpamba yoonetsa ndalama ikupita kwa munthu yemweyo nthawi ndi nthawi. Ena amapempha munthu wokuimirani, amene amasaina kuti adzalipira inu mukalephera. Ngati masiku akuchepa, pemphani kuti tsiku losainira lisunthidwe, ndipo zimenezo zilembedwe. Funso lakuti kodi amalandira umboni wochokera kunja kwa dziko lino mulifunse musanapereke ndalama yogwirira nyumba, chifukwa maofesi amasiyana.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musaike msuweni wanu kuti ayerekeze kukhala alandilodi. Ofufuza amafunsa zinthu zimene msuweniyo sangazidziwe, ndipo lamulo lija limalola mwini nyumba kusunga ndalama yogwirira nyumba ngati mwapereka zabodza zokhudza chisankho chake. Mayi wathuyu akanataya £180 pamodzi ndi nyumbayo. M'malo mwake anasaina Lachinayi pa 13 Malichi, ndipo madzulo ake anaimbira bambo a ku Chilomoni kuwauza kuti makiyi alandira kumapeto kwa mwezi.