Mtengo wa yuniti m'thumba la yuniti tirasiti amaupeza bwanji?

Amene anaikapo ndalama mu yuniti tirasiti amalandira sitetimenti yokhala ndi manambala awiri ofunika: kuchuluka kwa mayuniti ake ndi mtengo wa yuniti imodzi. Pafupi ndi mtengowo nthawi zambiri pamalembedwa zilembo zitatu, NAV. Anthu ambiri amaganiza kuti mtengowu amaukhazikitsa ndi mabwana a kampani, monga momwe mwinigolosale amalembera mtengo pa paketi ya shuga. Sizili choncho. Mtengo wa yuniti ndi yankho la masamu, ndipo aliyense wodziwa kuchotsera ndi kugawa akhoza kuwatsatira.

Yuniti tirasiti ndi thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama. Kampani yoyendetsa thumbalo imagula masheya, imabwereketsa boma kudzera m'matirezhale bilu, ina imasunga kubanki. Katunduyo sakhala wa kampani yoyendetsayo. Amamusunga ndi tirasitii, kawirikawiri banki, m'malo mwa osonkha. Ku Malawi kuno matumba otere amayendetsedwa motsatira lamulo la Securities Act la 2010 ndipo amawayang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi. Old Mutual ndi imodzi mwa makampani omwe ali nawo. Wosonkha sapatsidwa sheya ya Illovo kapena ya National Bank m'dzina lake, amapatsidwa mayuniti, omwe ndi timagawo tofanana ta thumba lonse.

NAV, chidule cha mawu achingerezi oti Net Asset Value, ndi chuma chenicheni cha thumbalo, kutanthauza mtengo wa katundu yense ngongole zitachotsedwa. Mukachigawa ndi mayuniti onse omwe ali m'manja mwa anthu, mwapeza mtengo wa yuniti imodzi:

(katundu yense − ngongole zonse) ÷ mayuniti onse

Kugawako n'kosavuta. Ntchito yagona pa kuwerenga katundu ndi ngongole, ndiye tiyeni titenge thumba longoyerekeza tiliwerenge limodzi madzulo a tsiku lina msika wa masheya wa ku Blantyre utatseka.

Thumba lathu lili ndi masheya 2,000,000 a kampani ina, omwe lero atsekera pa K150 imodzi. Amenewo ndi K300,000,000. Lilinso ndi masheya 500,000 a kampani yachiwiri pa K900, omwe akukwana K450,000,000. Onani kuti sitikufunsa kuti masheyawa anagulidwa ndalama zingati. Kaya anagulidwa pa K40 zaka zisanu zapitazo, chomwe chikuwerengedwa ndi mtengo walero.

Kenako pali tirezhale bilu. Boma limagulitsa mabiluwa pa mtengo wotsika n'kudzabweza mtengo wathunthu pakatha masiku 91, 182 kapena 364. Thumba lathu linagula bilu ya masiku 182 pa K400,000,000, ndipo ikadzakhwima lidzalandira K436,400,000. Phindu ndi K36,400,000, koma palibe kambiri kalikonse kamene kalowa m'manja. Kodi tilembe zingati lero? Tikalemba K400,000,000 mpaka tsiku lomaliza, munthu wotuluka m'thumba mawa tamubera chiwongoladzanja cha masiku omwe ndalama yake inagwira ntchito, ndipo wolowa dzulo la tsiku lokhwimalo adzakolola m'munda womwe sanalime. N'chifukwa chake chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Njira yosavuta ndi kugawa K36,400,000 ndi masiku 182, zomwe zikutipatsa K200,000 patsiku. Papita masiku 90, ndiye kuti chaunjikana K18,000,000, ndipo biluyo tiilemba K418,000,000.

Kubanki kuli K40,000,000. Palinso dividendi ya K12,000,000 yomwe kampani ina inalengeza, tsiku lodziwira oyenera kulandira linadutsa kale thumba lathu lili m'kaundula, kungoti ndalamayo sinafike. Nayonso ndi katundu. Tikaphatikiza zonse, katundu wakwana K1,220,000,000.

Tsopano ngongole. Mawuwa asakusokonezeni, sikuti thumba linakatenga loni. Ndi ndalama zomwe zikadali m'thumba koma zili kale ndi eni ake. Kampani yoyendetsa imalandira fizi yapachaka, tinene 2 peresenti, yomwe pa thumba la kukula chonchi ndi pafupifupi K65,750 patsiku. Ya mwezi uno yafika K2,000,000 ndipo sinalipidwe. Tirasitii ndi oditala akudikira K1,000,000. Dzana thumba linagula masheya a K12,000,000 omwe tawawerenga kale m'katundu koma bulokala, yemwe analigulira masheyawo pamsika, sanalipidwe. Ndipo anthu ena anagulitsa mayuniti awo dzulo, mayunitiwo anafafanizidwa, koma K5,000,000 yawo sinatumizidwe. Zonse pamodzi ndi K20,000,000.

Chuma chenicheni ndiye ndi K1,200,000,000. Mayuniti omwe ali kwa anthu alipo 48,000,000. Tikagawa, yuniti imodzi ili pa K25.00.

Apa pali chinthu chomwe ndimafuna wosonkha aliyense achimvetse. Fizi yapachaka ija yachotsedwa kale mtengo usanatuluke. Simudzaiona pa sitetimenti ngati ndalama yomwe mwadulidwa, koma mukuilipira tsiku lililonse, chaka chabwino ndi choipa chomwe. Funsani peresenti yake musanasaine.

Mawa kubwere mayi wina ndi K500,000. Ngati thumbali limadula fizi yolowera ya 2 peresenti, K10,000 yapita, yatsala K490,000. Pa K25.00 mayiyu apeza mayuniti 19,600. Mayunitiwa sanawagule kwa munthu wina, apangidwa atsopano. Chuma cha thumba chakwera kufika K1,200,490,000, mayuniti afika 48,019,600, ndipo mukagawa mupezabe K25.00. Kulowa kwa anthu atsopano sikukweza mtengo, kutuluka kwawo sikuutsitsa. Apa m'pamene yuniti tirasiti imasiyanirana ndi kampani ngati NITL, yomwe nayo ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena koma masheya ake amagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange. Mtengo wa sheya ya NITL umatengera kugwirizana kwa wogula ndi wogulitsa, ndipo ukhoza kukhala pamwamba kapena pansi pa chuma chenicheni cha kampaniyo. Mu yuniti tirasiti mumalowa ndi kutuluka pa mtengo wochokera ku NAV.

Chomwe chimasuntha mtengo ndi katunduyo. Sheya ya K900 ija ikatsika ndi 10 peresenti kufika K810, thumba lataya K45,000,000 ndipo yuniti yatsika kufika pafupifupi K24.06. Sheya yagwa ndi 10 peresenti koma yuniti yagwa ndi 3.75 peresenti yokha, chifukwa sheyayo ndi gawo chabe la thumba.

Pali kutsika kwina komwe kumawopsa anthu pachabe. Matumba ambiri amagawa phindu la chiwongoladzanja ndi madividendi pa nthawi zoikika. Tinene kuti mtengo uli pa K25.00 ndipo thumba lagawa K1.20 pa yuniti. Ndalamayo yatuluka m'thumba, choncho m'mawa mwake mtengo uli pa K23.80. Mayi uja akaona zimenezi mtima ukhoza kumudumpha, koma tawerengani: mayuniti 19,600 pa K23.80 ndi K466,480, ndipo walandira K23,520. Zonse pamodzi ndi K490,000 yomwe ija, tisanakambe za msonkho. Akasankha kuti phindulo libwerere m'thumba, limugulira mayuniti ena 988 ndi kachidutswa. Ndiye pofuna kudziwa ngati mwapindula, musayang'ane mtengo wokha. Chulukitsani mtengo ndi mayuniti omwe muli nawo tsopano, muwonjezerepo zomwe munalandira pamanja.

Pa chifukwa chomwechi, thumba lomwe yuniti yake ili pa K5 silotchipa kuposa la K250. Mtengowo umangotengera kuti thumba linayambira pa zingati, lakhala zaka zingati ndiponso lagawa kangati. K490,000 ikakula ndi 10 peresenti yafika K539,000, kaya inadulidwa m'mayuniti 98,000 kapena 1,960.

Tsono vuto lenileni lili pa mawu aja oti "mtengo walero". Msika wathu wa masheya ndi waung'ono, ndipo sheya ina ikhoza kutha masiku osagulidwa, kapena kugulidwa masheya ochepa kwambiri. Mtengo womwe uli pa bolodi umakhala wa malonda omaliza. Taganizani masheya 2,000,000 aja olembedwa pa K150. Ngati thumba litafuna kuwagulitsa lero n'kupeza wogula pa K120 yokha, ndiye kuti chuma chanenedwa mopitirira ndi K60,000,000, yomwe ndi K1.25 pa yuniti iliyonse. Bungwe lina lalikulu likatulutsa mayuniti 4,000,000 pa K25.00, latenga K5,000,000 yoposa gawo lake. Ndalama imeneyo siichokera kwa kampani yoyendetsa. Ichokera kwa otsala m'thumba, omwe adzaona mtengo ukugwa tsiku lomwe masheyawo adzagulitsidwedi. Zikatembenuka, mtengo wa pa bolodi n'kukhala wotsalira m'munsi, wotuluka ndiye amaluza ndipo wolowa amagula motchipa.

Zofanana nazo zimachitika ndi ngongole zomwe thumba linabwereketsa ku makampani. Kampani ikayamba kulephera kubweza koma thumba n'kumawerengabe chiwongoladzanja chake tsiku ndi tsiku ngati zonse zili bwino, mtengo wa yuniti umakwera mosalala pa pepala pomwe pansi pali dzenje. Woyendetsa wachilungamo amatsitsa mtengo wa ngongole yotereyo msanga, ngakhale kuti zimanyazitsa manambala ake. Thumba lodzaza masheya lomwe mtengo wake sugwedera konse pamene msika ukukwera ndi kutsika liyenera kukupatsani mafunso. La matirezhale bilu ndi madipoziti lokha ndilo limayenera kukwera pang'onopang'ono mosalekeza, kupatula pamene lagawa phindu.

Nthawi yomwe mwapereka fomu nayo ili ndi gawo. Matumba ambiri amakupatsani mtengo womwe uwerengedwe mutapereka kale pempho lanu, osati womwe mwauona m'nyuzipepala kapena pa webusayiti m'mawa. Zimakwiyitsa ena kugula osadziwa mtengo weniweni, koma ndi chitetezo. Akanagwiritsa ntchito mtengo wadzulo, munthu woona masheya akukwera masana akanathamanga kukagula mayuniti pa mtengo wakale n'kudya phindu la anzake. Choncho pali ola lotsekera, ndipo fomu yofika litadutsa imatenga mtengo wa tsiku lotsatira lowerengera.

Zonsezi zimalembedwa m'chikalata chofotokoza thumba chomwe amayenera kukupatsani musanalowe: kuti mtengo amawerenga tsiku lililonse kapena pa sabata, ola lotsekera, momwe amayezera sheya yomwe yatha nthawi osagulidwa, fizi yolowera, yapachaka ndi yotulukira ngati ilipo, ndiponso masiku omwe mumadikira ndalama mukagulitsa. Lipoti lapachaka lomwe oditala wasaina limaonetsa katundu, ngongole ndi mayuniti onse pa tsiku lotsekera chaka. Tengani manambala atatuwo pa kakyuleta ya pafoni, muchotsere, mugawe, muone ngati zikugwirizana ndi mtengo womwe unali pa sitetimenti yanu tsiku limenelo. Ngati sizikugwirizana, lemberani kampaniyo ikufotokozereni, ndipo yankho likapanda kukukhutiritsani, dandaulo lanu lipite kwa tirasitii kapena ku Reserve Bank.