Fulotchati kapena swimuleni: yambani mwawerenga manja amene pepala likudutsamo

Maofesi ambiri akafuna kujambula kayendedwe ka ntchito amathamangira fulotchati, chithunzi chija cha mabokosi otsika pansi olumikizidwa ndi mivi. Bokosi la makona anayi ndi sitepe imodzi, looneka ngati dayamondi ya pa makadi ndi pamene pali funso la inde kapena ayi, lozungulira ngati dzira ndi poyambira kapena pothera. Njirayi ndi yakale ndithu, mizu yake ili pa zimene Frank ndi Lillian Gilbreth anaonetsa akatswiri a makina ku America mu 1921. Funso limene imayankha bwino ndi limodzi: tikatha ichi, chotsatira nchiyani?

Swimuleni ndi fulotchati yomweyo, kungoti pepala mwayamba mwaligawa m'mizere, dipatimenti iliyonse mzere wake, monga mmene banja limagawanirana mizere polima. Dzinalo linachokera ku damu losambiramo a mpikisano, kumene aliyense amasambira mumpata wake. Geary Rummler ndi Alan Brache ndi amene anaitchukitsa mu 1990. Bokosi lililonse limakhala mumzere wa amene amagwira ntchitoyo, ndiye muvi ukadumpha mzere, ndiye kuti ntchito yachoka m'manja mwa ena kulowa mwa ena.

Kusankha kwanga kumayambira pa kudumpha kumeneku. Ndikufotokozereni ndi zimene ndinaona pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, pa msewu wopita ku Monkey Bay.

Lojiyi imadalira misonkhano ya mabungwe, ndipo msonkhano umodzi umakhudza madipatimenti anayi: risepushoni, akaunti, khitchini ndi sitolo. Pakhoma la ofesi ya manijala panali fulotchati yosindikizidwa bwino, ya masitepe 11. Pempho lafika, kodi holo ndi zipinda zilipo, kotesheni ilembedwe, oda ya kasitomala ilandiridwe, tsiku litsimikizidwe, mndandanda wa zakudya ulembedwe, zosowa zionedwe, ndalama zitulutsidwe, katundu agulidwe, chakudya chiphikidwe, invoisi itumizidwe. Palibe bodza m'menemo. Koma tamverani bwino mawuwo: ilembedwe, zionedwe, agulidwe. Ndi ndani? Chithunzicho chinali chete.

Tsiku lina msonkhano wa anthu 40 unabwera ndi anthu 55. Chambo chinatha mzere wa odya usanafike pakati, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti nsomba yabwino imagulidwa m'mawa padoko, si nthawi ya nkhomaliro. Manijala anakalipira wophika wamkulu, iye nayankha modekha kuti, “Bwana, pepala limene ndinalandira ine linalembedwa 40. Za 55 ndazimvera pa mbale.”

Tinakhala pansi ndi fulipitchati, nkulemba mizere inayi yopingasa, nkusamutsira masitepe 11 aja m'mizere ya eni ake. Sitinawonjezere kanthu poyamba. Mwa mivi 10 yolumikiza masitepewo, 8 inali kudumpha mzere: risepushoni kupita ku akaunti, kubwerera ku risepushoni, kukhitchini, kusitolo, ku akaunti, kusitolo kachiwiri, kukhitchini, kenako ku akaunti. Ntchito imene pakhoma inkaoneka ngati msewu wowongoka inali kusintha manja kasanu ndi katatu, ndipo paliponse pamene yasintha manja pali mpata woti pepala ligone m'thireyi kapena uthenga uthere m'malere.

Kenako ndinafunsa kuti kasitomala akasintha nambala ya anthu amaimbira ndani. Apa ndi pamene zinaululika. Kasitomala uja anaimbira a akaunti, poti nambala ya foni imene inali pa kotesheni inali yawo. Mayi a ku akaunti anachita zonse zoyenera mumzere wawo: anakonza kotesheni, naitumiza. Koma pachithunzi panalibe muvi uliwonse wochoka ku akaunti kupita kukhitchini. Uthenga wa kukhitchini unkadzera ku risepushoni kokha, ndipo a risepushoni sanamve kanthu. Palibe anazemba ntchito. Panangosowa muvi, ndipo pa fulotchati ya pakhoma ija kusowako sikukanaoneka, chifukwa kulibe mizere yoti muone kuti uwu ndi uwu sukhudzana.

Tinapezanso china. Titafika pa invoisi, wina anakumbutsa kuti pamafunika kuwerenga anthu amene adyadi tsiku lililonse. Wolemba anakayika kaye, kenako anajambula bokosilo pakati, mwendo umodzi kukhitchini wina ku akaunti. Mukaona dzanja likuchita zimenezi, imani. Bokosi lokhala pamalire ndi ntchito yopanda mwini, ndipo mudzamva mbali zonse zikuti “timayesa amachita ndi anzathuwo.” Lamulo la swimuleni ndi loti bokosi limodzi, mzere umodzi. Ngati ntchitoyo ndi ya awiridi, igaweni: akhitchini awerenge nkusaina, a akaunti alandire nkulemba. Mkangano wa masana amenewo unali wa phindu kuposa chithunzi chenichenicho.

Musatengeke nazo mpaka kujambula mizere pa chilichonse. Pa loji yomweyo, kalandiridwe ka katundu kusitolo, kuyeza pa sikelo, kuona ngati nsomba ili bwino, kulemba m'kaundula, nkuika mufiriji, ndi ntchito ya munthu mmodzi. Fulotchati wamba ikukwanira, ndipo wantchito watsopano amaimva msanga. Ngakhale madipatimenti atakhala atatu, ngati ntchito imangochoka kwa oyamba kupita kwa achiwiri nkuthera kwa achitatu osabwerera, ingolembani dzina la dipatimenti m'munsi mwa bokosi lililonse basi. Chimodzimodzi pamene chovuta ndi kuchuluka kwa mafunso a inde kapena ayi, monga kuwerengera kuchotsera mtengo: madayamondi ambiri amafuna malo, mizere imangowapanikiza. Ine ndimatembenukira ku swimuleni ndikaona kuti pafupifupi theka la mivi likudumpha malire, kapena ntchito ikubwerera kumene yachokera, kapena dandaulo la anthu ndi loti “pepala lili kwa ndani?”

Swimuleni ili ndi malire akenso. Mizere ikapitirira isanu kapena isanu ndi umodzi, mivi imapiringizana ngati ukonde wokodwa, ndipo ndi bwino kuidula ntchitoyo pawiri. Madipatimenti opatsirana kawirikawiri muwaike moyandikana. Ife tinaika sitolo pakati pa khitchini ndi akaunti, mivi yambiri nkufupika. Pamutu pa mzere lembani udindo, osati dzina la munthu, chifukwa anthu amapita kutchuthi, ena amasiya ntchito. Komanso chithunzichi pachokha sichinena za nthawi: muvi wa mphindi ziwiri ndi muvi wa masiku atatu zimaoneka zofanana. Nchifukwa chake pa muvi uliwonse wodumpha mzere timalembapo chimene chikuperekedwa ndi nthawi yake.

Ofuna kujambula pa kompyuta, mu Microsoft Visio fufuzani Cross-Functional Flowchart, ndipo draw.io nayo ili ndi mizere yokonzeratu. Koma yambani ndi pepala, eni mizere onse ali pompo, chifukwa wojambula yekha muofesi amalemba mmene ntchito iyenera kuyendera, osati mmene ikuyendera.

Pa loji ija tinawonjezera mzere wachisanu pamwamba, wa kasitomala, kuti zioneke kumene foni yake imagwera. Kusintha kulikonse kwa nambala ya anthu tsopano kumalowera ku risepushoni, nkutuluka ndi mivi iwiri, wa ku akaunti ndi wa kukhitchini, pasanafike 4 koloko madzulo a tsiku loti mawa msonkhano. Pa kotesheni anachotsapo nambala ya foni ya akaunti, nkuikapo ya risepushoni.