Musagule laputopu chifukwa cha sitika, yang'anani mabowo a m'mbali

Ndatopa ndi mawu akuti "koma palembedwa kuti Core i7". Munthu amabwera ku shopu ndi laputopu yakaunjika, ndikamufunsa kuti ndi modelo yanji amangoloza kasitika kamene kali pakona, pansi pa kiyibodi. Abale anga, sitika ndi kapepala ka guluu. Amagulitsa pamulu, ndipo mwana aliyense angathe kumata. Chivundikiro cha pansi, pamene pamalembedwa dzina la modelo, chimamasulidwa ndi sikuludiraiva n'kuikapo china. Nayonso pulasitiki yozungulira sikirini, imene makampani ena amalembapo dzina, imachotsedwa ndi chikhadabo. Chimene wogulitsa wachinyengo sangasinthe mosavuta ndi mabowo a m'mbali olowetsamo zingwe, chifukwa ambiri mwa iwo ndi owotcherera pa mazabodi, bolodi lalikulu la m'kati mwa laputopu, ndipo thupi la makina linaumbidwa motsatira mabowowo. Ine ndikalandira laputopu yosadziwika, ndimayamba kuitembenuza cham'mbali ndisanawerenge chilichonse.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mphunzitsi wina wa kusekondale amene anabwera kudzafuna batire. Anati makina ake ndi HP EliteBook 840 G5, ndipo anali atagula kale batire kwinakwake koma inakana kulowa. Pa lisiti analembapo G5. Pakona panali sitika yonyezimira ya Core i7 ya jenereshoni 8. Anali atatenga ngongole kuntchito kuti agule makinawo, ndipo analipira mtengo wa G5.

Sindinafunike kuiyatsa. Kumanzere kunali bowo la VGA, lija la timabowo 15 lolumikizira mapurojekita akale. EliteBook 840 G5, imene inatuluka mu 2018, ilibe VGA. Kumanja kunali bowo limene aphunzitsiwo ankaliyesa HDMI, ndipo anadandaula kuti chingwe cha TV sichilowa. Sichikanalowa, chifukwa linali DisplayPort. Awiriwa amafanana ukangoona mothamanga, koma HDMI ndi yodulidwa makona awiri a m'munsi mofanana, pamene DisplayPort ndi yodulidwa kona imodzi yokha. G5 ili ndi HDMI. VGA kumanzere, DisplayPort kumanja, kabowo ka USB-C ndi thupi lasiliva, zimenezo pamodzi ndi 840 G3 ya 2016 kapena G4 ya 2017. Chivundikiro cha pamwamba chinavomerezanso: panali chizindikiro chakale cha zilembo za hp m'kati mwa chozungulira, pamene G5 ili ndi chatsopano cha mizere inayi yopendekeka. Komanso panali polowetsa kadi ya SD, chinthu chimene G5 ilibe.

Nanga bwanji sizinali G1 kapena G2? Zimenezo zili ndi chivundikiro chakuda, zilibe USB-C, ndipo pansi pake pamatseguka pongokankha kaloko, popanda kumasula sikuluwu. Iyi inali yomanga ndi masikuluwu.

Apa ndi pamene maso amathera, ndipo ndikufuna mumvetse malire ake. G3 ndi G4 thupi lake ndi limodzi. Munthu amene angakuuzeni kuti wazisiyanitsa pongoyang'ana kunja akukunamizani. Mabowo amakupatsani banja la makina ndi zaka zake, koma dzina lenileni limachokera m'kati. Ndinaiyatsa n'kumadina Esc, kenako F1, ndipo pa sikirini panabwera dzina: EliteBook 840 G3, purosesa i5-6300U. Pa mapurosesa a zaka zimenezo, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo jenereshoni, choncho iyi inali ya 6, osati 8, ndiponso i5, osati i7. Titatsegula pansi, batire yake inali CS03XL. Iwo anali atagula SS03XL, imene ndi ya G5.

Mwina wina anena kuti bola ikugwira ntchito. Ayi. Purosesa ya i5-6300U ili ndi makoo awiri, tizigawo ta m'kati timene timagawana ntchito, pamene i5 ya jenereshoni 8 ya m'malaputopu oterewa ili ndi anayi, ndipo kusiyanako kumamveka mukatsegula zinthu zingapo nthawi imodzi. Chachikulu n'chakuti Windows 11 imafuna mapurosesa a Intel kuyambira jenereshoni 8, kupatulapo ochepa kwambiri a 7, ndipo Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Ndiye mzere wa pakati pa G4 ndi G5 ndi umene uli ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chake achinyengo amakonda kunama pomwepo. Makina a aphunzitsiwo anali ndi Windows 11 ndithu, koma yoikidwa mokakamiza. Kuona Windows 11 pa sikirini si umboni wa chilichonse. Dzina la purosesa limene Windows imaonetsa nalonso munthu wodziwa angathe kulisintha, n'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri BIOS, pulogalamu ya pa mazabodi imene inandionetsa dzina lija nditadina Esc ndi F1. Ndipo ngakhale thupi litakhala la G5 yeniyeni, onanibe purosesa, chifukwa ena mwa ma G5 anatuluka ndi jenereshoni 7.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chizindikiro anachiona tsiku loyamba lomwe, pamene chingwe cha TV chinakana. Anaganiza kuti vuto ndi chingwe. Anakhala nayo mpaka batire inafooka, ndipo pamene ankabwerera kwa wogulitsa masiku obweza katundu anali atadutsa kalekale. Wogulitsayo anangoti iyenso anailandira choncho. Chinthu chikakukayikitsani pa makina amene mwangogula, pitani nawo kwa wokonza tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kuchedwa kumathandiza wogulitsa, osati inu.

Musatenge lamulo la HDMI ndi VGA n'kumaliika pa HP iliyonse. Ma ProBook ambiri a zaka zomwezo ali ndi HDMI ndi VGA pamodzi. Yambani mwadziwa banja, kenako muwerenge mabowo.

Ma ThinkPad a Lenovo ndi osavuta, chifukwa pafupifupi chaka chilichonse ankasintha kanthu kooneka. Aliyense amadziwa kabatani kofiira ka pakati pa kiyibodi. Yang'anani polowera chaja. Likakhala bowo lozungulira, lolowa chaja ya mutu wachikasu, ndi T430 ya 2012 kapena yakale kuposa pamenepo. Pakati pa T420 ndi T430 kiyibodi imaweruza: T420 ili ndi mizere 7 ya mabatani ogundana ndi Enter wabuluu, T430 ili ndi mizere 6 ya mabatani otalikirana. Bowo la chaja likakhala la makona anayi, lofanana ndi USB, mwafika pa T440 mpaka T470. T440 imadziwika chifukwa ilibe mabatani atatu aja a pamwamba pa tachipadi, amene anabwereranso pa T450. T450 ili ndi VGA, T460 inachotsa VGA n'kuika HDMI, T470 inawonjezera USB-C koma bowo la makona anayi lija likadalipo. T480 ilibe bowo limenelo, imachajidwa ndi USB-C yokha. Ndiye munthu akakuonetsani "T480" n'kukupatsani chaja ya mutu wa makona anayi, m'bwezereni. Chenjezo limodzi: anthu ambiri amachotsa tachipadi ya T440 n'kuika ya T450, choncho mabatani okhawo asakukhutiritseni. Pa ThinkPad, BIOS mumalowa ndi F1, ndipo nambala ya T480 imayamba ndi 20L5 kapena 20L6.

Pa Dell Latitude tembenuzani muone pansi. Ngati pali bowo lalitali la dokingi, lolumikizira laputopu pa chipangizo cha pa tebulo chokhala ndi mabowo owonjezera, ndi ya m'gulu la maina oyamba ndi E, monga E5470 kapena E7470, kapena yakale kuposa apo. Kuyambira 5480 ndi 7480 za 2017 bowolo kulibe. Dinani F2 poyatsa, ndipo Service Tag ya zilembo ndi manambala 7 imene ili mu BIOS ifanane ndi yolembedwa pansi. Zikasiyana, ndiye kuti china chinasinthidwa, chivundikiro kapena mazabodi.

Tsopano kiyibodi. Anthu amaganiza kuti ikuuzani modelo, koma kwenikweni imakuuzani dziko limene makinawo anagulitsidwa koyamba. Ya ku UK ili ndi Enter wamtali wotenga mizere iwiri, Shift wakumanzere wamfupi, chizindikiro cha £ pa 3, ndipo @ ali pafupi ndi Enter. Ya ku America ili ndi Enter wogona mzere umodzi, Shift wakumanzere wamtali, @ pa 2 ndi # pa 3. Makina ambiri ochokera ku South Africa nawonso ali ndi kiyibodi yoteroyo. Ya ku Germany Z ndi Y zinasinthana malo, ya ku France imayamba ndi AZERTY, ya ku Japan batani la mpata ndi lalifupi ndipo pali zilembo zawo. Phindu lake lili pawiri. Choyamba, mumagwira bodza. Pa HP, nambala ya katundu imathera ndi zilembo zitatu: #ABU ndi UK, #ABA ndi America, #ABD ndi Germany. Pansi pakalembedwa #ABU koma kiyibodi ili ya ku America, makinawo anatsegulidwapo, ndipo funso n'lakuti anasinthanso chiyani. Pitirizani chala pa mabatani, chifukwa ena amamata timasitika takuda pobisa zilembo za chinenero china kapena mabatani otha. Chachiwiri, kiyibodi ikadzawonongeka, pa makina ambiri opyapyala amasiku ano ya ku UK ndi ya ku America sizilowana, chifukwa mabowo a chimango chake anadulidwa mosiyana.

Ndi apa pamene okonza a m'makhonde amaonongera anthu katundu. Wina sadziwa modelo, koma amaitanitsa sipeya mongoganiza, ikakana amaidula ndi mpeni kapena kuimata ndi guluu. Batire yokakamiza kulowa imapindika, ndipo batire ya lifiyamu yopindika kapena yobowoka imatha kuyaka moto. Enanso amakupatsani chaja iliyonse imene mutu wake walowa. HP ndi Dell zili ndi mitu yozungulira yofanana kukula, koma kasingano ka pakati kamauza makina mtundu wa chaja mwa njira zosiyana, ndipo Dell ikalephera kuzindikira chaja imatha kukana kudzaza batire n'kuyamba kuchedwa. Munthu amayamba kugula batire ina, kenako kusintha hadi disiki, vuto lili chaja.

Wokonza amene sanatembenuze makina anu, sanalowe mu BIOS, ndipo sanalembe nambala ya modelo asanatchule mtengo wa sipeya, musamusiyire laputopu. Ndipo wogulitsa akakana kuti mudine Esc, F1 kapena F2 pamaso pake musanalipire, ndalama zanu zikhale m'thumba, mukayang'ane kwina.