Makope atatu a fayilo yowonongeka sateteza kanthu

Ndatopa kumva anthu akunena kuti mawu a agogo awo ndi otetezeka chifukwa anawakopera pa madiski atatu. Ndikawafunsa mmene akudziwira kuti zimene zili pa madiskiwo n'zofanana ndi zimene anajambula tsiku loyamba, amayankha kuti fayilo ikutseguka ndipo ikumveka. Kutseguka si umboni. Fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV ikhoza kuwonongeka pakati n'kumaseweredwa bwinobwino, ndipo palibe munthu amene amamvetsera chaka chilichonse zonse zimene banja linasunga.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya banja lina limene linasamutsira m'kompyuta kaseti ya mayi awo omwe anamwalira. Mbali imodzi ya kasetiyo inali ya mphindi 45, ndipo inatulutsa fayilo ya pafupifupi 476 MB. Iwo anaisunga pa fulashi, ndipo chaka chilichonse ankakopera foda yonse kuchokera pa fulashiyo kupita pa madiski awiri, n'kuvomera kuti makope atsopano alowe m'malo mwa akale. Nthawi ina fulashi ija inayamba kubweza deta yolakwika popanda chenjezo lililonse. Dzina la fayilo, kukula kwake ndi tsiku lake sizinasinthe, koma chapakati, pomwe mayiwo ankatchula mayina a makolo awo, panangotsala phokoso. Pokopera chaka chimenecho anafafaniza okha makope abwino, ndipo kaseti anali atataya kale. Anali anthu akhama ndithu, koma analibe njira yodziwira kope labwino.

Njira imeneyo ndi chekisamu. Pulogalamu imawerenga fayilo yonse n'kutulutsa mzere wa manambala ndi zilembo, umene pa SHA-256 umakhala wa zizindikiro 64, ndipo kachidutswa kamodzi kokha ka deta kakasintha, mzerewo umatuluka wosiyaniratu. Pa Linux, mukalowa mufoda, lamulo loyamba pansipa limalemba mndandanda wa mayina a mafayilo ndi machekisamu awo ndipo lachiwiri limayesa mafayilo potsatira mndandandawo.

```
sha256sum *.wav > SHA256SUMS.txt
sha256sum -c SHA256SUMS.txt
```

Fayilo yabwino imaonetsa `OK`, yosinthika imaonetsa `FAILED`. Pa Mac gwiritsani ntchito `shasum -a 256`, ndipo pa Windows lamulo la `Get-FileHash` mu PowerShell limatulutsa mzere womwewo. Mndandandawo uziyenda ndi foda kulikonse kumene mwaikopera, ndipo muziyesa kope latsopano musanachotse diski.

Chimene anthu amachedwa nacho ndi tsiku lolemba mndandanda. Uyenera kulembedwa tsiku lomwelo limene mwajambula ndi kumvetsera fayiloyo mpaka kumapeto, chifukwa mukaulemba patapita zaka, ungotsimikizira kuti fayilo yowonongeka ikadali yowonongeka chimodzimodzi. Musanaulembe, malizani nkhani ya mayina, popeza mndandanda umafufuza fayilo ndi dzina lake. Dzina ngati `1998-07-12_agogo-aakazi_nthano_K014-A.wav` limayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku kuti mafayilo azisanjika okha, lilibe mipata, ndipo limatha ndi nambala imene mwalembanso pa kaseti yeniyeniyo. Ngati tsiku silikudziwika, lembani chaka chokha, osapeka. Mafayilo oyambirira akhale mufoda yawoyawo imene simukonzamo kanthu, pakuti ngakhale kusintha mutu wolembedwa mkati mwa fayilo kumasintha chekisamu. Makope a MP3 otumizira abale akhale kwina.

Chekisamu sichikonza fayilo, chimangokuuzani kope limene lawonongeka. N'chifukwa chake pamafunika makope atatu, pa mitundu iwiri ya zosungira, limodzi likhale kunja kwa nyumba yanu, ndipo onse aziyesedwa kamodzi pa chaka. Mukaona `FAILED`, musalembe mndandanda watsopano kuti uthengawo uchoke, ngakhale kuti ambiri amachita zimenezo. Yesani makope enawo, tengani limene laonetsa `OK`, muikemo m'malo mwa lowonongekalo, kenaka musinthe diski imene yalephera chifukwa siyodalirikanso. Fulashi kapena memore khadi yoiwalika mudirowa musaiwerengere ngati kope, chifukwa zinthuzi zimatha kutaya deta zikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa ku magetsi.

Diski ikayamba kugogoda, izimitseni nthawi yomweyo. Samalani ndi okonza amene amathamangira kuifomata, kapena kuikamo mapulogalamu obwezeretsa deta pa diski yomweyo, chifukwa chilichonse cholembedwapo chikhoza kufafaniza zimene mukufuna kupulumutsa. Katswiri weniweni amayamba wakopera diski yonse pa ina, n'kumagwira ntchito pa kopelo. Akakubwezerani mafayilo, ayeseni ndi mndandanda wanu musanavomere kuti ntchito yatha, ndipo makaseti oyambirira musawataye.